Tikumana Mawa: Kuti, Nthawi Yanji, Ndipo Makiyi Ali ndi Ndani?

Bokosi la banki mkhonde limakhala ndi maloko atatu. Makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kunyumba kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi ngakhale imodzi. Magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama a mtundu umenewu anawayambitsa a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero afika pafupifupi m'boma lililonse la dziko lino. Maloko atatuwo anawaika dala kuti pasapezeke munthu wotsegula bokosi ali yekha. Ndi chitetezo chabwino, koma chili ndi mbali yake yowawa. Wosunga kiyi mmodzi akangojomba, anthu 19 enawo akhoza kukhala pamphasa mpaka dzuwa kupendeka, ndalama zawo zili pomwepo m'bokosi, osazikhudza.

Ndasankha gulu lotere chifukwa limaonetsa poyera chimene chimachitika pamsonkhano wina uliwonse, kaya ndi wa ankhoswe, wa komiti ya sukulu kapena wa mu ofesi. Msonkhano umayenda pokhapokha anthu oyenera atafika pamalo amodzi, pa ola limodzi, atanyamula zinthu zoyenera. Zinayi zimenezi anthu amagwirizana kukadali masabata awiri kapena atatu, kenako aliyense amapita kwawo ndi zimene wamva. Vuto lake nlakuti zimene wamva uyu si zimene wamva uyo, ndipo palibe amene akudziwa kuti akusiyana, poti aliyense mumtima mwake akukhulupirira kuti anamva bwino. Ntchito ya uthenga wotumiza kutatsala tsiku limodzi ndi kufukula kusiyanako nthawi yokonza ikadalipo. Nchifukwa chake kulemba kuti "musaiwale msonkhano wa mawa" sikuthandiza kwenikweni. Munthu amene akuganiza kuti msonkhano uli 2 koloko masana sanaiwale. Akukumbukira bwinobwino, koma akukumbukira ola lolakwika, ndipo akawerenga uthenga woterewu amangogwedeza mutu nkupitiriza ntchito zake.

Tiyerekeze gulu la anthu 20 limene chaka chonse lakhala likukumana Lachinayi lililonse, 2 koloko masana, pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwa apampando. Yafika Disembala, nthawi yogawana ndalama. Pamkumano wa sabata yatha anagwirizana kuti tsiku logawana ayamba 9 koloko m'mawa chifukwa kuwerenga ndalama ndi masheya kumadya nthawi, ndipo akakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi poopa mvula ndi maso a anthu odutsa. Tsiku limene ankagwirizana zimenezi anthu anayi kunalibe, ndipo ena awiri anali atanyamuka kale kukaphika. Tsono anthu asanu ndi mmodzi miyendo yawo ikudziwa mtengo wa mango ndi 2 koloko. Mmodzi mwa iwowo ndi wosunga kiyi. Palibe amene walakwa, koma mlembi akapanda kuchitapo kanthu Lachitatu, kugawana kwa Lachinayi kwafa kale.

Choyamba chimene mlembi ayenera kusankha ndi nthawi yotumizira uthengawo. Ambiri amatumiza usiku atatha kudya nsima, pamene mutu wapeza mpata. Nthawi imeneyo ntchito yake yatha. Akakuyankhani 9 koloko usiku kuti wosunga kiyi ali kumudzi kwa apongozi ake, mungachitenji? Uthenga uzipita m'mawa kapena dzuwa lisanafike paliwombo, kuti masana onse akhale okonzera zimene zapezeka. Palinso chifukwa china chimene tonse timachidziwa: foni zambiri sizikhala zoyaka tsiku lonse. Ina ili pa sitolo ikutchajidwa, ina batire yatha magetsi atazima, ina ilibe bandulo, ina ndi ya bambo wa pakhomo ndipo apita nayo kuganyu, adzabwera nayo kutada. Uthenga wopita m'mawa umakhala ndi maola ambiri oti upeze mwini wake. Kutumiza kukadali masiku anayi nakonso sikulowa m'malo mwa uthenga wa Lachitatuwu, chifukwa maliro, matenda ndi alendo sizidikira. Zimene zinali zoona Lolemba zimatha kusintha pofika Lachitatu.

Uthenga wa mlembi wathu ungaoneke motere:

"Mwaswera bwanji nonse. Kugawana ndalama ndi Lachinayi pa 11 Disembala. Tifike 8:30, tiyamba 9 koloko M'MAWA, osati masana monga mwa masiku onse. Malo ndi kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, osati kwa apampando. Tonse 20 tikufunika. Aliyense abwere ndi kabuku kake ka masheya, ndipo amene ali ndi ngongole abwere nayo yonse. Osunga makiyi atatu, aliyense kiyi yake. Osunga bokosi, bokosi. Ine ndibweretsa buku lalikulu ndi kakyuleta. Yankhani isanakwane 4 koloko lero, mundiuze kuti mubwera komanso chimene mutenge."

Muone kuti mawu oti "mawa" mulibe. Uthenga wolembedwa Lachitatu umatha kuwerengedwa Lachinayi m'mawa foni itangoyaka, ndipo wowerengayo akaona "mawa" amaganiza Lachisanu. Dzina la tsiku ndi deti zikayendera limodzi, chimodzi chimalondera chinzake. Mlembi akalakwitsa nkulemba Lachinayi pa 12, wina mwa anthu 20 aona kuti sizikugwirizana ndipo afunsa. Akangolemba deti yokha, cholakwikacho chimadutsa popanda wochiona.

Ola nalonso lilembedwe ndi nambala. "Chakum'mawa" kwa mlimi wa mu Disembala ndi pamene waweruka kumunda, mwina 11 koloko. Kwa wogulitsa mandasi ndi 7 koloko. Mlembi wathu wapereka maola awiri, lofikira ndi loyambira, ndipo ndikuona kuti wachita bwino. Anthu ena amanena ola labodza, 8 koloko pamene akudziwa kuti ayamba 9, pofuna kuti ochedwa afike nthawi yabwino. Njira imeneyi ndimaikana. Imagwira kamodzi kapena kawiri, kenako gulu lonse limaphunzira kuti ola la mlembi silikhala loona, ndipo amene amalangidwa ndi anthu osunga nthawi omwe akhala ola lathunthu pachabe. Ngati malamulo a gulu ali ndi chindapusa cha ochedwa, monga mmene magulu ambiri a banki mkhonde amachitira, ola loona ndi limene limapangitsa chindapusacho kukhala chachilungamo.

Mawu amene akunyamula katundu wolemera mu uthenga uja ndi "osati". Osati masana, osati kwa apampando. Chinthu chikasintha kuchoka pa chizolowezi, sikokwanira kungotchula chatsopanocho, chifukwa maso a munthu wotanganidwa amawerenga zimene akuyembekezera kuona. Muyenera kutchula chakalecho ndi kuchikana. Izi zimagwiranso ntchito m'tauni, kumene dzina limodzi limaimira malo angapo. Ku Blantyre "tikumane kudepoti" ikhoza kukhala Wenela kapena Limbe, ndipo pakati pa malo awiriwa pali ulendo wa minibasi. Ku Lilongwe, Area 18 ili ndi A ndi B, Area 25 ili ndi A, B ndi C, Area 47 ili ndi masekita ake. Banki imodzi imatha kukhala ndi nthambi ku Old Town ndi ina ku City Centre. Wokonza msonkhano atchule nthambi, chipata cholowera, chipinda, ndi chizindikiro chimene mlendo angachione ali pamsewu, monga mjigo, filing'i siteshoni kapena mtundu wa geti. Ndipo adzifunse ngati malowo akudziwa kuti kukubwera anthu. Kachipinda ka kutchalitchi kaja kali ndi loko, ndipo kiyi yake amasunga mkulu wa mpingo amene si wa m'gululi. Ameneyu ndi munthu wa 21, ndipo ndi amene amaiwalika kawirikawiri.

Pa nkhani ya anthu mpamene ndikufuna tikhalitsepo. Pamsonkhano anthu onse ndi ofanana ulemu, koma si onse amene kujomba kwawo kumaimitsa ntchito. M'gulu lathuli, mayi wa masheya ochepa amene alibe ngongole akadwala, akhoza kutuma mwana wake wamkulu ndi kabuku, ngati malamulo a gulu amalola, ndipo kugawana kupitirira. Koma pali anthu amene popanda iwo palibe chichitike: osunga makiyi atatu, wosunga bokosi, mlembi ndi buku lake, owerenga ndalama, ndi aliyense amene ali ndi ngongole yaikulu. Amenewa uthenga wa pagulu suwakwanira. Mlembi awaimbire mmodzimmodzi kapena awapitire, ndipo asafunse kuti "mubwera?" chifukwa funso limenelo yankho lake laulemu ndi "eya" nthawi zonse. Afunse kuti, "Amayi, kiyi ija ili m'manja mwanu panopa? Taioneni ndili pa foni pompano." Apa mpamene zimatulukira kuti kiyi inamangidwa pansonga ya chitenje chimene mwana wavala popita kuchigayo, kapena ili pamodzi ndi makiyi a njinga imene bambo apita nayo kumsika wakutali. Likakhala Lachitatu masana, zoterezi zimakonzeka mosavuta. Likakhala Lachinayi 9 koloko, anthu amayamba kukambirana zothyola loko, ndipo loko wothyoledwa amasiya mafunso amene sachoka msanga m'gulu la ndalama. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kutchula amene adzakhalepo kumathandizanso mbali ina. Munthu amakonzekera molingana ndi amene akakumane nawo. Ngati gulu laitana mlangizi amene analiphunzitsa kuti adzaonerere kugawana, kapena nthumwi ya amfumu kuti idzakhale mboni, mamembala adziwiretu, ndipo mlendoyo auzidwe payekha kuti akufunika nthawi yanji ndiponso kuti akadzafika adzachita chiyani. Pamkumano wa ankhoswe nchimodzimodzi: akuchikazi akabwera asanu ndi atatu pamene akuchimuna amayembekezera atatu, manyazi amayambira pa mipando ndi ndiwo, nkhani isanayambe nkomwe.

Tsono zonyamula. Lamulo lake ndi lalifupi: chinthu chilichonse chikhale ndi mwini. Mukalemba kuti "pakufunika kakyuleta", anthu 20 onse avomereza mumtima ndipo palibe adzabweretse, aliyense poganiza kuti mnzake watenga. Mukalemba kuti "owerenga ndalama, maenvelopu 20 ndi cholembera", mwamanga katunduyo pamutu pa munthu wodziwika, ndipo akakhala kuti alibe adzanena lero. Mu uthenga weniweni mlembi atchule maina a anthuwo, osati maudindo okha.

Kuti mudziwe zofunika kunyamula, yendani msonkhano wonse m'maganizo kuyambira pemphero lotsegulira mpaka pobalalika, ndipo pa sitepe iliyonse mudzifunse kuti m'manja mukufunika chiyani. Pogawana, choyamba ngongole zonse zimabwezedwa. Kenako ndalama zonse zimawerengedwa pamaso pa gulu, masheya a m'timabuku tonse amaphatikizidwa, ndipo ndalamazo zimagawidwa ndi chiwerengero cha masheya kuti papezeke mtengo watsopano wa sheya imodzi. Tinene kuti m'bokosi mwapezeka K2,400,000 ndipo masheya onse ndi 1,600. Sheya imene inagulidwa K1,000 tsopano yafika K1,500. Mayi wa masheya 83 ayenera kulandira K124,500. Kodi K500 yakumapetoyo ichokera kuti ngati m'bokosi mwadzaza ma K5,000 ndi ma K2,000 okhaokha? Mlembi amene wayenda msonkhanowu m'mutu Lachitatu amaona vuto la tchenji likubwera, ndipo amapempha obweza ngongole kuti abwere ndi ndalama zing'onozing'ono. Amene sanatero amadzatuma mwana kugolosale ndi ndalama za gulu, anthu akudikira.

Kuwerengera komweku kukuonetsa chifukwa chake kabuku kamodzi kosowa kamasokoneza onse. Masheya a munthu mmodzi akapanda kudziwika bwino, chiwerengero cha 1,600 chija sichidalirika, ndipo mtengo wa sheya wa aliyense umalakwika. Ngongole nayonso nchimodzimodzi. Wina akabwera wopanda K60,000 imene anatenga, gulu liyenera kuidula pa masheya ake, ndipo kukambirana zimenezi pamaso pa anthu kumatenga nthawi ndiponso kumachititsa manyazi. Nkwabwino apampando alankhule naye mwakachetechete Lachitatu, adziwe ngati abweza kapena adulidwa, kuti Lachinayi pangokhala kulemba. Magulu amene amasunga gawo la ndalama ku Airtel Money, ku Mpamba kapena kubanki ali ndi munthu winanso womutsimikizira: ejenti. Ejenti wa pamsika waung'ono sakhala ndi ndalama zambiri m'manja nthawi zonse, choncho auzidwe kukadali tsiku kuti akonzekere. Ngati ndi kubanki, osayinira onse atenge ziphaso zawo za unzika, ndipo wina ayang'ane pa kalendala ngati tsikulo si la tchuthi.

Palinso zosayenera kulemba. Uthenga wa pagulu usatchule kuchuluka kwa ndalama zimene zili m'bokosi, usatchule njira kapena ola limene wosunga bokosi adzanyamukire, ndipo usatchule maina a anthu a ngongole. Foni imagwiridwa ndi anthu ambiri pakhomo, ina imasiyidwa potchajitsa, ndipo mu Disembala akuba amadziwa kuti magulu akugawana. Za woperekeza bokosi zikambidwe pakamwa ndi anthu awiri kapena atatu okhudzidwa.

Kutumiza ndi theka la ntchito. Pa WhatsApp kachizindikiro kamodzi kotuwa kamatanthauza kuti uthenga wachoka mu foni yanu koma sunafike mu ya mnzanu. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika mu foniyo. Tikasanduka tabuluu ndiye kuti wina watsegula, koma simudziwa ngati ndi mwini wake kapena mwana amene amaonera makanema. Palibe chimodzi mwa zizindikiro zimenezi chimene chikunena kuti munthu wamva ndipo abwera. Nchifukwa chake mlembi wathu wapempha yankho, waika ola lomalizira, ndipo wapempha kuti woyankha atchule chimene atenge. Yankho loti "chabwino" ndi lopepuka. Yankho loti "ndibwera 8:30 kutchalitchi ndi kiyi" likuonetsa kuti zinayi zonse zalowa. Ikakwana 4 koloko, mlembi atenge ndandanda wa maina 20, achonge amene ayankha, ndipo otsalawo awasake. Kukhala chete si kuvomera. Nthawi zambiri kumatanthauza kuti uthenga sunafike, ndipo nthawi zina kumatanthauza kuti munthuyo ali ndi ngongole ndipo akuchita mantha. Zonse ziwirizi ndi zofunika kuzidziwa lero.

Njira yofikira anthu isiyane molingana ndi anthuwo. A foni za mabatani atumizireni SMS, koma mukumbukire kuti SMS imodzi imanyamula zilembo 160 zokha, ndipo ikapitirira imawerengedwa ngati ziwiri kapena zitatu. Choncho mufupikitse: tsiku, ola, malo, chotenga, ndi pempho loti ayankhe kapena afulashe kawiri posonyeza kuti amva. Amene kuwerenga kumawavuta, uthenga wa mawu kapena kuwaimbira ndiye njira. Amene alibe foni, mutume mnansi wodziwika ndi dzina, ndipo mnansiyo abweretse yankho, asangoti "ndawauza ana awo". Kwa amfumu, abusa kapena ashehe, kauthenga ka pa foni kokha kakhoza kuoneka ngati mwano. Kumeneko mumapita nokha kapena kudzera kwa nduna, ndipo simunena kuti mwabwera kudzawakumbutsa. Mumati, "Gogo chalo, ndimati ndimve ngati pulogalamu ya mawa ija ilipobe, ija ya 9 koloko kutchalitchi." Mwatchula ola ndi malo, mwapereka mpata woti akukonzeni, ndipo simunanyoze wamkulu.

Mabanja amene amakambirana za ukwati kapena za chiliza pa foni ndi abale a kunja awonjezere chinthu chimodzi: ola lake ndi la dziko liti. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa nthawi yawo ndi imodzi, choncho wa ku Joni alibe vuto. Tanzania ndi Kenya ali patsogolo ndi ola limodzi. Britain ali m'mbuyo ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndipo miyezi inayo ali m'mbuyo ndi ola limodzi. Mulembe maola onse awiri, kuti 7 koloko madzulo ku Malawi, 5 koloko ku London.

Nanga zikapezeka kuti sizitheka? Tinene kuti 3 koloko masana Lachitatu mlembi wamva kuti m'mudzi mwagwa zovuta ndipo mwambo woika maliro uli Lachinayi. Kapena wosunga kiyi ali kuchipatala kutali akudwazika mwana, kiyi ali nayo komweko. Mlembi asasinthe yekha. Aimbire apampando, aone malamulo a gulu, ndipo ngati kiyi ingathe kubwera ndi munthu wokhulupirika amene si wa komiti, atero. Ngati sizingatheke, aimitse msonkhano dzuwa lisanalowe, anthu asanagone ndi maganizo ojomba kumunda kapena kumsika. Uthenga woimitsa uyambe ndi mawu oti WASINTHA, unene tsiku lakale kuti lafafanizidwa, ndipo upereke tsiku latsopano pomwepo, ndi ola, malo ndi zotenga, ngakhale zitakhala zomwe zija. Kungoti "tidzakuuzani" kumasiya anthu a ndalama zawo ali ndi nkhawa, ndipo mphekesera zoti bokosi laperewera zimayambira pamenepo. Posankha tsiku latsopanolo akumbukire kuti Asilamu amakhala kumzikiti Lachisanu masana, a Seventh Day amapembedza Loweruka, ndiponso tsiku la msika wa m'deralo. Uthenga wosinthawu nawonso ufunika mayankho 20, ndipo oyamba kuwaimbira akhale okhala kutali, amene amalipira kabaza kuti afike.

Inu amene gulu linakusankhani kukhala mlembi, ntchito imeneyi ndi yanu, ndipo mayunitsi ake gulu liyenera kukupatsani kuchokera m'thumba la zindapusa kapena chopereka china chimene mungagwirizane. Mukaikambe nkhaniyi pamkumano ukubwerawu, ilembedwe m'malamulo a gulu nyengo yogawana isanafike.